Kusankha yankho pa mayeso a sayansi ya zachilengedwe: nyambo, masamu ndi nthawi

Funso losankha yankho limakhala ndi funso lenileni, yankho limodzi lolondola ndi mayankho ena olakwa. Mayankho olakwawo salembedwa mwachisawawa. Okonza mayeso amawatenga ku zolakwa zimene ophunzira amachita chaka ndi chaka, n'kuwalemba mwaudongo kuti azioneka ngati oona. Amagwira ntchito ngati nyambo pa mbedza, chifukwa lililonse amalikonzera wophunzira wosokoneza mfundo inayake. Wolemba mayeso amene akudziwa mfundo zomwe anthu amakonda kusokoneza pa sayansi ya zachilengedwe amatha kuzindikira yankho lotere asanalisankhe.

Chitsanzo chabwino ndi mayeso otchedwa AP Environmental Science. Bungwe la College Board la ku Amereka limalembetsa mayesowa m'mwezi wa Meyi kwa ophunzira a kusekondale amene akukonzekera kupita kuyunivesite. Gawo loyamba lili ndi mafunso 80 osankha yankho, olembedwa m'mphindi 90, ndipo limatenga 60 peresenti ya malikisi onse. Gawo lachiwiri lili ndi mafunso atatu oyankha polemba m'mphindi 70. Funso lililonse la gawo loyamba lili ndi mayankho anayi, A mpaka D, ndipo kakyuleta ndi yololedwa. Kuyambira 2025 mayesowa amalembedwa pa kompyuta, pa pulogalamu ya Bluebook. Njira zimene zikufotokozedwa pano zimagwiranso ntchito pa mayeso ena alionse osankha yankho, koma ziwerengero za nthawi ndi za mayeso a AP okha.

Nthawi ndi malikisi

Mphindi 90 ndi masekondi 5,400. Akagawidwa pa mafunso 80, funso lililonse limapeza masekondi 67 ndi theka. Chiwerengerochi chimanyenga pang'ono chifukwa mafunso safanana kulemera. Funso lofuna dzina la mpweya umene umachuluka kwambiri mumlengalenga limatha m'masekondi 15, popeza yankho ndi naitirojeni, pafupifupi 78 peresenti. Funso lodalira galafu, tebulo la manambala kapena ndime yoti iwerengedwe kaye lingatenge mphindi ziwiri, komabe mafunso onsewa ali ndi malikisi ofanana. Choncho munthu wotha mphindi zinayi pa funso limodzi lovuta wataya nthawi imene akanayankhira mafunso ena atatu, mwina osavuta, amene ali kumapeto ndipo mwina sawafikanso.

N'chifukwa chake olemba ozolowera amadutsa mayeso kawiri. Ulendo woyamba amayankha zonse zimene akuzidziwa, ndipo pa funso lokakamira amasankha yankho loyembekezera, n'kuika chizindikiro choti adzabwererepo. Pa Bluebook pali poika chizindikiro chotere, komanso pokhwatcha mayankho amene munthu wawakana. Kuyang'ana wotchi pa funso lililonse kumangobweretsa nkhawa, choncho ndi bwino kuiyang'ana kangapo kokha. Wofika pa funso la 40 mphindi 40 zisanakwane akuyenda bwino, ndipo adzatsala ndi mphindi pafupifupi 10 zobwerera m'mbuyo.

Kale, pa mayeso a AP, yankho lolakwa linkachotsetsa kagawo ka malikisi. Lamuloli linatha mu 2011, moti lero funso losayankhidwa ndi funso lolakwidwa amawerengedwa chimodzimodzi, ndipo kusiya funso kulibe phindu lililonse. Wosankha mwachimbulimbuli pa mayankho anayi ali ndi mwayi umodzi pa inayi. Akachotsa yankho limodzi mwayi umakhala umodzi pa itatu, akachotsa awiri umafika theka. Pa mafunso 20 okayikitsa, wolota chabe angayembekezere kukhoza asanu, pamene wochotsa awiri pa funso lililonse angayembekezere khumi. Mayeso ena m'maiko ena amachotserabe malikisi pa yankho lolakwa, choncho malangizo a patsamba loyamba ayenera kuwerengedwa nthawi zonse.

Mitundu ya nyambo

Nyambo yofala kwambiri pa sayansi ya zachilengedwe ndi kusakaniza mavuto awiri oyandikana, monga kuwonongeka kwa ozoni ndi kutentha kwa dziko. Onse awiri amachitika mumlengalenga ndipo onse amayamba ndi mipweya yochokera ku ntchito za anthu, koma mmene amachitikira n'zosiyana. Ozoni wakumwamba, wokhala pa mtunda wa makilomita 15 mpaka 35, amatchinga cheza choopsa cha dzuwa chimene chimayambitsa khansa ya pakhungu ndi ng'ala. Chimene chimamuwononga ndi kolorini wochokera ku mipweya ya CFC, yomwe inkagwiritsidwa ntchito m'mafiriji ndi m'zitini zopopera. Kupyapyala kwake pamwamba pa Antakitika kunalengezedwa mu 1985, ndipo pangano la ku Montreal la 1987 ndi limene linayamba kuthetsa mipweyayo. Kutentha kwa dziko kumabwera chifukwa mipweya monga kaboni dayokisaidi ndi mithieni imagwira kutentha kochokera pansi kuti kusathawire kumwamba, ndipo mapangano ake ndi a ku Kyoto a 1997 ndi a ku Paris a 2015.

Funso likafunsa chotsatira cha kuchepa kwa ozoni wakumwamba, pamayankho pamapezeka kawirikawiri mawu onga "kusungunuka kwa madzi oundana" kapena "kukwera kwa madzi a m'nyanja zamchere". Zinthuzi zikuchitikadi, koma ndi zotsatira za kutentha kwa dziko. Wofunsa wochenjera amawonjezapo "kuchuluka kwa matenda a mphumu m'mizinda", chomwe ndi chotsatira cha ozoni wina, wapansi, wopangika utsi wa galimoto ukakumana ndi dzuwa. Mpweya womwewo ndi wothandiza kumwamba koma ndi woipa pamene anthu akupuma, choncho mawu akuti "wakumwamba" kapena "wapansi" m'funso ndi amene amasonyeza yankho.

Nyambo yachiwiri ndi yovutirapo. Yankho lake limakhala la nkhani yomweyo, koma limalumpha sitepe kapena kutembenuza dongosolo la zochitika. Taganizirani funso ili: alimi athira feteleza wambiri m'minda ya m'mbali mwa mtsinje, mvula yagwa, ndipo patapita masabata angapo nsomba zambiri zafa m'dziwe limene mtsinjewo umathiramo. Kodi chimene chapha nsombazo n'chiyani kwenikweni? Yankho A likuti feteleza ndi poizoni kwa nsomba. B likuti ndere zachuluka n'kuyamba kudya nsomba zazing'ono. C likuti mabakiteriya owoletsa ndere zakufa atha okosijeni m'madzi. D likuti feteleza watenthetsa madzi.

Wodziwa dongosolo lake amaliyala m'mutu asanayang'ane mayankho. Naitirojeni ndi fosiforasi wa mufeteleza amakokoloka n'kulowa m'madzi. Ndere zimamera mwadzaoneni, zimaphimba pamwamba ndi kutsekereza kuwala kwa zomera zapansi. Kenako zimafa n'kumira, ndipo mabakiteriya oziwoletsa amachuluka n'kugwiritsa ntchito okosijeni wosungunuka m'madzi mpaka nsomba zimabanika. Izi ndi zimene zimachitika chaka chilichonse nyengo yotentha panyanja ya Gulf of Mexico, pamene mtsinje wa Mississippi umathira madzi ochokera kuminda ya chimanga ya pakati pa Amereka. Poyerekeza ndi dongosololi, B ndi D amakanidwa msanga, chifukwa ndere sizidya nsomba ndipo feteleza satenthetsa madzi. Otsala ndi A ndi C, ndipo A amakopa chifukwa ndi wachidule, wongolumikiza feteleza ndi imfa ya nsomba. Koma pakati pa feteleza ndi imfayo pali masitepe atatu, ndipo funso lanena kuti panadutsa masabata angapo. Poizoni akanapha nsomba masiku oyamba omwe, choncho yankho ndi C.

Mawu oti "patapita masabata angapo" sanaikidwemo mwangozi. M'mafunso okonzedwa bwino, nthawi, malo kapena kuchuluka kumene kwatchulidwa kumakhala ndi ntchito yochotsa yankho linalake. Mayankho awiri akatsala, njira yabwino ndi kubwerera ku funso n'kufufuza mawu amene sanagwiritsidwe ntchito, osati kuwerenga mayankho awiriwo kachisanu.

Nyambo yachitatu ndi mawu oona amene sakuyankha funso. Imapezeka kwambiri pa mafunso a galafu ndi a ndime. Funso likhoza kufunsa chimene ziwerengero za patebulo zikuonetsa, ndipo yankho limodzi n'kunena mfundo yoona ya m'buku imene tebulolo silikuikhudza n'komwe. Tebulo likaonetsa kuti mitengo ikuchepa m'dera ndipo matope mumtsinje akuchuluka, yankho lonena kuti kudula mitengo kumawonjezera kaboni dayokisaidi mumlengalenga ndi loona, koma tebulolo silikupereka umboni wake. Pa galafu, chofunika kuwerenga poyamba ndi mawu olembedwa m'mbali mwake ndi miyezo yake. Nambala 40 ingatanthauze matani 40 kapena matani 40,000, malinga ndi kamawu kakang'ono kolembedwa pansi.

Pali malangizo ena amene ophunzira amauzana, monga akuti yankho lalitali ndilo lolondola, kapena kuti wokayika asankhe C. Pa mayeso aakulu, amene mafunso ake amaunikidwa ndi anthu ambiri asanatuluke, malangizo otere ndi osadalirika. Langizo lokayikira mayankho okhala ndi mawu onga "nthawi zonse", "palibiretu" kapena "kuthetseratu" lili ndi nzeru pang'ono, chifukwa m'chilengedwe zinthu zambiri zimakhala ndi zopatula. Njira yolima imachepetsa kukokoloka kwa nthaka koma siikuthetsa. Komabe malamulo ena a sayansi alibe zopatula, monga lakuti mphamvu imachepa nthawi zonse ikamachoka ku zomera kupita ku nyama zodya zomerazo. Choncho mawu otere ayenera kumuchenjeza munthu kuti aganizenso, koma sakwana paokha kukanira yankho.

Mafunso a masamu

Pa mayeso a AP, mafunso owerengetsera ndi ochepa, pakati pa 6 ndi 9 peresenti ya gawo loyamba, kutanthauza mafunso asanu mpaka asanu ndi awiri. Masamu ake ndi kuphatikiza, kuchotsera, kuchulukitsa ndi kugawa basi. Chimene chimavuta ndi kusankha manambala oyenera ndi kusunga miyezo, ndipo pa zimenezi kakyuleta siithandiza, chifukwa imangowerengetsera molondola zimene yapatsidwa, ngakhale zikhale zolakwa. Pa mafunso amenewa, yankho lililonse lolakwa limachokera ku kuterereka kumodzi kodziwika. Choncho kupeza nambala yako pakati pa mayankho anayi si umboni woti wakhoza, popeza wofunsa anadziwiratu kumene munthu angaterereke ndipo anaika nambala yakeyo pamenepo.

Nachi chitsanzo. Sukulu ili ndi mababu 200 a mawati 60, ndipo yawasintha onse n'kuika mababu a mawati 10. Mababuwo amayaka maola 6 pa tsiku. Magetsi amagulidwa pa $0.15 pa kWh iliyonse. Kodi sukuluyo ipulumutsa ndalama zingati pa masiku 30? Mayankho ndi A $9, B $54, C $270 ndi D $324.

Choyamba ndi kuona chimene chafunsidwa, ndicho ndalama zopulumutsidwa, osati ndalama zolipira. Babu lililonse latsopano likugwiritsa ntchito mawati 50 ocheperapo. Pa mababu 200 ndi mawati 10,000, ndipo popeza kilowati imodzi ndi mawati 1,000, amenewa ndi makilowati 10. Zotsalazo zimalembedwa pamzere umodzi, nambala iliyonse ndi muyezo wake:

```
10 kW × 6 h × 30 = 1,800 kWh
1,800 kWh × $0.15/kWh = $270
```

Kulemba miyezo kumathandiza kudziyesa. Makilowati akachulukitsidwa ndi maola amapereka kWh, ndipo kWh yapamwamba ikafafanizana ndi yapansi pamatsala madola okha, omwe ndi amene funso likufuna. Muyezo wotsala pamapeto ukakhala wina, ndiye kuti pena pake munthu wagawa m'malo mochulukitsa kapena waiwala sitepe.

Mayankho enawo ali ndi kochokera. $9 ndi ndalama zopulumutsidwa pa tsiku limodzi, za munthu amene waiwala masiku 30. $54 ndi mtengo woyatsa mababu atsopano mwezi wonse, ndipo $324 ndi mtengo woyatsa akale. Wowerengetsera molondola koma poyankha funso lina amafika pa imodzi mwa nambalazi n'kukhutira. Wapatchutchutchu amaona kuti 324 kuchotsera 54 ndi 270, ndipo popeza funso likufuna kusiyana, ubale umenewu umalozera ku C ngakhale asanagwire kakyuleta. Njira yachidule imeneyi ndi yogwiritsa ntchito nthawi ikathina basi, chifukwa si mafunso onse amene amakonzedwa motero. Woiwala kusintha mawati kukhala makilowati amapeza $270,000, ndipo nzeru wamba iyenera kumuimitsa, chifukwa sukulu singapulumutse ndalama zotere pa mababu mwezi umodzi.

Kuyerekeza kotereku kuyenera kuchitika masamu asanayambe. Mayankho akatalikirana kwambiri, monga 5, 50, 500 ndi 5,000, chimene chikuyesedwa ndi malo a kadontho, ndipo manambala angazunguliridwe molimba mtima: 0.148 akhale 0.15, masiku 365 akhale 360. Mayankho akayandikana, monga 24 ndi 26, pamafunika kakyuleta ndi kuwerengetsera ndendende. Kuyang'ana mayankho kwa masekondi asanu kumauza munthu njira yoti atenge.

Lamulo la 70 limabwera kawirikawiri. Limati zaka zimene chiwerengero cha anthu chimatenga kuti chiwirikize kawiri zimapezeka pogawa 70 ndi peresenti ya kukula kwake pa chaka. Kalembera wa ku Malawi wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni, akuchuluka ndi 2.9 peresenti pa chaka, ndipo 70 kugawa ndi 2.9 ndi zaka pafupifupi 24, ngati liwirolo silisintha. Pamayeso, peresentiyo nthawi zambiri saipereka. Amapereka obadwa ndi omwalira pa anthu 1,000 alionse. Tinene kuti dziko lili ndi obadwa 30 ndi omwalira 10 pa 1,000, ndipo palibe olowa kapena otuluka. Kusiyana kwake ndi 20 pa 1,000, komwe ndi 2 pa 100, choncho:

```
(30 − 10) ÷ 10 = 2%
70 ÷ 2 = 35
```

Pamayankho padzakhala zaka 3.5, za wogawa 70 ndi 20 osasintha kukhala peresenti. Padzakhala 23, za wotenga obadwa okha, ndi 70, za wotenga omwalira okha. Yankho la 3.5 lingachotsedwe popanda masamu, popeza palibe dziko limene anthu ake angawirikize pobereka m'zaka zitatu ndi theka. Wina amalakwitsa mbali inayo, n'kulemba 2 peresenti ngati 0.02, n'kupeza zaka 3,500. Lamuloli limafuna nambala ya peresenti monga ilili.

Mafunso a zinthu za nyukiliya amadalira nthawi imene theka la chinthu limatha. Seziyamu-137, imodzi mwa zinthu zimene zinamwazika pa ngozi ya ku Chernobyl mu 1986, imatha theka pa zaka pafupifupi 30. Funso likati pali magalamu 80, ndipo patsala angati pakapita zaka 90, njira yosavuta ndi kuwerenga ndi zala: zaka 90 zili ndi zaka 30 katatu, choncho 80 akhala 40, kenako 20, kenako 10. Mayankho onyenga ndi 27, wa wogawa 80 ndi 3, ndi 20, wa wowerenga 80 ngati sitepe yoyamba. Nthawi zina pamakhalanso 0, wa woganiza kuti theka likatha zaka 30 zoyamba, theka linalo litha zaka 30 zotsatira. Vuto lomweli la kuwerenga masitepe limagwetsa anthu pa lamulo la 10 peresenti ya mphamvu. Udzu ukakhala ndi makilokalori 50,000, mbawala zodya udzuwo zimapeza pafupifupi 5,000 ndipo mikango yodya mbawala imapeza 500. Choyenera kuwerenga ndi maulendo amene mphamvu yasamuka, omwe ndi awiri, osati magulu a zamoyo, omwe ndi atatu.

Pa kusintha kwa peresenti, cholakwa chodziwika ndi chimodzi. Kusiyana kumagawidwa ndi nambala yoyamba, osati yomaliza. Nkhalango ikachepa kuchoka pa mahekitala 500 kufika pa 400, yachepa ndi 100 kugawa ndi 500, ndiye 20 peresenti. Wogawa ndi 400 amapeza 25, wogawa 400 ndi 500 amapeza 80, ndipo manambala onse awiriwa amapezeka pamayankho.

Mphindi zomaliza

Funso la masamu limene njira yake ikuonekera liyenera kuchitidwa nthawi yomweyo, chifukwa kubwererapo kumafuna kuliwerenganso lonse. Limene njira yake sikuoneka pakatha masekondi 20 ndi losiya kaye, munthu atachotsa mayankho osatheka ndi kusankha limodzi mwa otsala. Pamapepala ochitirapo masamu ndi bwino kulemba nambala ya funso pambali pa ntchito yake, kuti pobwerera munthu apitirize pamene analekezera.

Pobwerera m'mbuyo, mafunso oyamba kuwaona ndi aja otsala ndi mayankho awiri, chifukwa pamenepo kuganiza pang'ono kungasinthe mwayi wa theka kukhala malikisi enieni. Ophunzira ambiri amakhulupirira kuti yankho loyamba kulowa m'mutu siliyenera kusinthidwa. Ofufuza za mayeso apeza mobwerezabwereza kuti osintha mayankho amachoka pa lolakwa kupita pa lolondola kawirikawiri kusiyana ndi mbali inayo. Chofunika ndi kukhala ndi chifukwa chimene munthu angachitchule, monga mawu a m'funso amene anawalumpha poyamba, muyezo umene sanausinthe, kapena mfundo imene funso lina lam'tsogolo lamukumbutsa. Kungokhala ndi nkhawa si chifukwa chokwanira, ndipo ngati palibe china yankho loyamba likhale. Mphindi ziwiri zikatsala, masamu onse amalekedwa, ndipo funso lililonse lopanda yankho limapatsidwa limodzi mwa mayankho amene sanakhwatchidwe.